Musanandipemphe pulani ya ulendo, yankhani mafunso anayi awa

Sabata yatha ndinalandira uthenga pa foni kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Jogalafe zaka zapitazo. Pano ndi bambo wapabanja pake ndipo ali pantchito. Uthenga wake unali waufupi: "Sala, muli bwanji? Ndikonzereni pulani ya kaulendo kokapumako. Inu malo mumawadziwa." Basi, uthenga unathera pomwepo. Sananene tsiku, ndalama, kumene akunyamukira, kumene akufuna kupita, ngakhale anthu amene apite nawo.

Ndinamuyankha ndi mafunso, iye n'kuseka kuti, "Sala simunasinthe, mwandipatsanso mayeso." Mwina ena mwa inu muona ngati ndinamuumira mtima. Koma ine maganizo anga ndi akuti munthu amene wakupatsani pulani ya ulendo asanakufunseni mafunso amenewa sanakuthandizeni. Wangokutchulirani mayina a malo, ndipo mayina a malo ali kale pa mapu.

Taganizani za mawu oti "kunyanja" amene timakonda kunena. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 500. Senga Bay ku Salima ndi kunyanja, Cape Maclear ku Mangochi ndi kunyanja, Nkhata Bay ndi kunyanja, chilumba cha Likoma nachonso ndi kunyanja. Munthu wa ku Lilongwe angathe kudzuka m'mawa, kukasamba ku Senga Bay n'kubwerako tsiku lomwelo, chifukwa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Wa ku Mzuzu, nyanja yake yapafupi ndi Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50. Ndikamuuza wa ku Mzuzu kuti apite ku Senga Bay, ndamuonongera tsiku lathunthu pamsewu popita ndi linanso pobwera, kukafuna madzi omwe ali nawo pakhomo. N'chifukwa chake funso loyamba ndi lakuti: mukunyamukira kuti?

Mnyamata uja atafatsa anayankha. Akunyamukira ku Lilongwe. Ulendo ndi wa mu Julaye, aweruka Lachisanu madzulo ndipo Lolemba m'mawa ayenera kupezeka kuntchito. Apita ndi mkazi wake, mwana wa zaka ziwiri, ndi apongozi ake aakazi amene amavutika mawondo. M'thumba ali ndi K400,000. Kenaka anaulula zimene zinali kumtima: amafuna ku Likoma, kuti akaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene ndinkawafotokozera m'kalasi, chija anayamba kumanga mu 1903.

Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, Likoma ndi malo abwino, koma si wa ulendo uno." Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 350, kenaka utsetsereke ku Nkhata Bay, kenaka maola angapo pamadzi. Vuto lalikulu n'lakuti sitima si minibasi yoti ukaiphonya ina ibwera posachedwa. Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjapa mu 1951, ndi sitima ya ulendo umodzi pa sabata, kupita kumpoto n'kubwerera. Wopita ku Likoma sasankha tsiku yekha. Amayamba wafunsa tsiku la sitima kapena boti, lopita ndi lobwerera lomwe, kenaka n'kukapempha tchuthi kuntchito molingana ndi masikuwo. Munthu wa masiku awiri ndi theka sangakwanitse zimenezi. Onjezanipo kuti Julaye ndi nyengo ya mphepo ya mwera, pamene nyanja imawinduka. Mwana wa zaka ziwiri ndi mayi wa mawondo opweteka pa boti nthawi ya mwera, umenewo si ulendo wokapuma ayi.

Mwaona kuti funso la tsiku lili pawiri. Pali kuchuluka kwa masiku, palinso nyengo. Malo omwewo amasintha ndi mwezi. Ku Mulanje mu Juni ndi Julaye kumagwa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zimene zingaphimbe phiri kwa masiku angapo. Ku Nyika miyezi yomweyo kumazizira koopsa, ndipo nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, msewu wafumbi wokwera kumeneko umafuna galimoto yamphamvu. Masiku a tchuthi cha dziko lonse nawonso ali ndi zawo. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, kapena pa Khirisimasi, anthu amakhamukira kunyanja, ndipo wofika osasungitsa malo amagona m'galimoto.

Tsono tinagwirizana za Senga Bay, n'kuyamba kuwerengera. Apa m'pamene funso la anthu opita nawo linaonetsa mphamvu yake. Mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi ake, choncho zipinda ndi ziwiri. Akanyamuka Lachisanu madzulo, agona masiku awiri, kutanthauza kulipira chipinda kanayi. Tingoyerekeza kuti chipinda ndi K50,000 pa usiku umodzi. Kanayi ndi K200,000, theka la ndalama zonse lapita anthu asanadye n'komwe. Koma akanyamuka Loweruka m'mamawa, afika nthawi ya kadzutsa isanathe, agona usiku umodzi, alipira K100,000 yokha, ndipo chimene ataya ndi kuyenda mumdima basi. Ndinamuuzanso kuti apatuliretu K40,000 yosakhudza, ya mwadzidzidzi, monga tayala kuphulika kapena mwana kutentha thupi. Yotsala K260,000 ndiyo ya mayendedwe, kupita ndi kubwera, ndi chakudya cha anthu anayi. Pomaliza ndinamulangiza kuti aimbe foni kumalo ogonawo kufunsa zinthu ziwiri: mtengo wa sabata imeneyo, komanso ngati pali masitepe ambiri pochoka kuchipinda kupita kumadzi, chifukwa cha mawondo a apongozi aja.

Ndanena kuti "tingoyerekeza" dala. Mtengo umene ndinalipira ine chaka china sungathandize munthu lero. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi iliyonse mafuta akakwera, mitengo ya basi ndi zipinda imatsatira. Ndiye ine sindingakuuzeni kuti ulendo wanu udya ndalama zingati. Inu ndiuzeni zimene muli nazo, ine ndikuuzeni pamene zingakufikitseni.

Funso la ndalamali ndi limene anthu amalizemba kwambiri. Ena amachita manyazi, ena amaopa kuti akatchula, aphunzitsi ayamba kupempha ngongole. Yankho lawo limakhala lakuti "ndalama si vuto" kapena "zotsika mtengo basi". Mayankho onse awiriwa sathandiza. Zotsika mtengo kwa wogwira ntchito kubanki si zotsika mtengo kwa mphunzitsi wodikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Tchulani nambala, ngakhale yongoyandikira.

Aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife, chifukwa pempho lotere timalilandiranso kusukulu. Pasukulu ina imene ndinkaphunzitsa kale, ahedi anangondiitana n'kuti, "Konzani ulendo wa ana a Fomu 3." Ine, posafuna kuoneka wovuta, sindinafunse kanthu. Ndinasankha ku Mulanje, kuti ana akaone mathithi a Likhubula ndi Dziwe la Nkhalamba, ndi kumva za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. M'kaundula munali ana 60, ndiye ndinagawa mtengo wa basi kwa ana 60, n'kulembera makolo makalata. Amene analipira anali 40 okha.

Apa ndinaphunzira kuti basi ya hayala siiwerenga mitu. Mtengo wake ndi womwewo, kaya yadzaza kaya ili ndi mipando yopanda anthu. Pa nambala zosavuta, basi ya K600,000 ikagawidwa kwa ana 60 ndi K10,000 aliyense, koma kwa ana 40 ndi K15,000. Ndinayenera kubwereranso kwa makolo amene anali atagulitsa kale nkhuku kuti ndikapemphe zoonjezera. Tikudikira zimenezo, tsiku linasunthidwa kawiri mpaka kulowa mu Febuluwale, mvula ili pakati. Nthawi imeneyo miyala ya m'phiri imaterera ndipo mitsinje imadzaza mosachenjeza, moti sindikanalola mwana wa mwini kuyandikira dziwe lija. Kutatsala masiku atatu, tinazindikiranso kuti atsikana alipo ambiri koma palibe mphunzitsi wamkazi amene anauzidwa kuti apita nawo. Ulendo unalephereka. Kubweza ndalama kunatenga teremu yonse, chifukwa ya chikole imene tinapereka kwa mwini basi siinabwere yonse, ndipo dzina limene linkatchulidwa m'midzi linali langa. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinadya ndine.

Ndikudziwa chimene ena anganene. Munthu amafunsa chifukwa sakudziwa, nanga akanadziwa zonsezo akanabweranso kwa inu? Mfundoyi ndi yoona, koma pa chinthu chimodzi chokha. Pa zinthu zisanu zija, chimene munthu angathe kusadziwa ndi kumene akupita. Chimenecho ndisiyireni ine, ndi ntchito yanga, ndipo ndimaikonda. Koma zinayi zinazo, tsiku, ndalama, ponyamukira ndi anthu opita nawo, sizili pa mapu alionse. Zili m'thumba mwanu, pakhomo panu ndi kwa abwana anu. Ndipo mwaona pa nkhani ya mnyamata uja kuti zinayizo zitadziwika, malo anadzisankha okha. Likoma anagwa yekha, Senga Bay n'kutsala.

Ena amati bwanji osangopereka mapulani atatu kapena anayi kuti munthu asankhepo. Ndinayesapo zimenezo. Munthu amasankha pulani yokoma m'makutu, osati yokwana m'thumba, ndipo zikakanika amati aphunzitsi ndiwo anandiuza. Kulemba mapulani anayi kumanditengera madzulo onse amene ndikanachongera makope, pamene kuyankha mafunso anayi kumamutengera iye mphindi ziwiri.

Choncho ana anga akale, pitirizani kundilembera, ndimasangalala mukandikumbukira. Koma uthenga wanu uzikhala ngati uwu: "Sala, ndili ku Zomba, ndili ndi masiku atatu kumapeto kwa Ogasiti, tilipo awiri ndi mkazi wanga, tili ndi ndalama zakutizakuti, galimoto tilibe, ndipo tikufuna kukaona nyama." Wotere ndimuyankha tsiku lomwelo kuti Liwonde National Park ili pafupi naye, ndipo tiyambe kukambirana za mmene angalowere m'paki alibe galimoto. Kwa aphunzitsi anzanga, ahedi akadzati "konzani ulendo", musatuluke mu ofesimo musanamve tsiku, ndalama zimene kholo lingakwanitse, ndi dzina la mphunzitsi wamkazi amene aperekeze atsikana. Mtengo wa basi muziugawa kwa ana amene alipira, osati amene ali m'kaundula.

Mnyamata uja wasungitsa kale zipinda ziwiri. Za Likoma wati adzapempha tchuthi cha sabata yathunthu mwana akadzakulako, ndipo ndamuuza kuti adzayambe wafunsa tsiku la sitima.