Apu ikasintha yokha chilankhulo

Kuno ku Chunga, apu ikabwerera ku Chingelezi itangolandira apudeti, ambiri timalembera eni ake kuti "siikugwira ntchito, konzani", basi. Imelo yotere imangogona. Woilandira amafuna kudziwa mtundu wa foni, nambala ya Android ndi nambala ya apuyo, imene mungaipeze pa App info mu Settings. Tchulani chilankhulo chimene munasankha ndi tsiku limene chinasintha, muikeponso chithunzi cha sikirini. Koma chachikulu nachi: mukachisankhanso, kodi chimakhazikika, kapena chimathawanso mukatseka apu? Chikamathawa, vuto ndi lawo, ndipo auzeni momveka kuti alikonze. Musanalembe, yang'anani App languages ngati foni yanu ili ndi Android 13 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Nambala yachinsinsi musatumize, ngakhale ataipempha.

Mlonda wa ku Chunga