Thumba limeneli akanaligula ndani?

M'makampani amene ali ndi nthambi zingapo muli mkangano umene sutha. Nthambi imodzi imapanga katundu, ina imamugwiritsa ntchito, ndipo mamanijala awiriwo amasiyana maganizo pa mtengo wogulitsirana okhaokha. Ena amati nkhaniyi ndi yachabe, poti ndalama zikungochoka m'thumba lamanja kupita lamanzere. Ine sindivomereza. Mtengo umenewu ndi umene umachititsa manijala kugula kwa mnzake kapena kupita kunja, ndipo akapita kunja, ndalama zimatuluka pageti zenizeni.

Tiyerekeze kampani imene ili ndi fakitale ya chakudya cha nkhuku ku Kanengo, komanso famu ya nkhuku za nyama kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Manambala awa ndi achitsanzo chabe. Fakitale ikhoza kupanga matumba 10,000 pamwezi. Thumba lililonse limadya K60,000 pa chimanga, soya, mavitamini, thumba lopakiramo ndi magetsi oyendetsa makina. Ndalama zimenezi zimatuluka pokhapokha thumba likapangidwa. Palinso K150 miliyoni pamwezi ya malipiro a antchito okhazikika, inshuwalansi ndi kutha kwa makina, imene imalipidwa kaya makina azungulira kaya agona. Mukaigawa pa matumba 10,000, lililonse limasenza K15,000, ndipo buku la akauntanti limalemba kuti thumba limodzi ndi K75,000. Famu imafuna matumba 2,000 pamwezi.

Mwezi wina malonda azizira. Makasitomala akunja akungotenga matumba 7,000, ndipo makina akumazimitsidwa masana. Manijala wa fakitale akuuza mnzake wa ku famu kuti thumba ndi K80,000, ndiye kuti K75,000 ya m'buku ndi kaphindu pamwamba. Wa ku famu akufunsa kwina, napeza fakitale ina imene nayonso ilibe maoda, ikumupatsa pa K72,000. Akugula kumeneko, ndipo mu lipoti lake akulemba kuti wapulumutsa K8,000 pa thumba.

Palibe chimene wapulumutsa. Kampani yalipira mlendo K72,000 pa chinthu chimene ikanapanga yokha ndi K60,000. K150 miliyoni ija sinatsike ndi tambala imodzi chifukwa choti makina anagona. Pa matumba 2,000, kampani yataya K24 miliyoni mwezi umodzi, pamene mamanijala onse awiri akukhulupirira kuti agwira ntchito bwino. Chimene chimandipweteka n'chakuti palibe waba kapena wanama. Aliyense wangotsatira nambala imene bonasi yake imachokerapo.

Choncho fakitale ikakhala ndi mpata, mtengo wotsikitsitsa umene iyenera kuvomera ndi K60,000, chifukwa palibe kasitomala amene ikumubweza. Wokwereratu ndi K72,000 imene famu ikanalipira kunja. Paliponse pakati pamenepo kampani yapindula chimodzimodzi, chimene chikusintha ndi nthambi imene phindulo lalembedwako. Kondakitala wa minibasi amaidziwa nzeru imeneyi: mpando ukakhala wopanda munthu pamene galimoto yanyamuka kale, amalandira ndalama yoperewera, koma ikamadzaza pa depoti satsitsa.

Tsopano ndi Novembala. Alimi aika anapiye kuti nkhuku zipse pa Khrisimasi, poti nkhuku za nyama zimafuna milungu pafupifupi isanu ndi umodzi. Matumba onse 10,000 ali ndi owagula pa K85,000. Thumba logulitsidwa kunja limadyanso K3,000 ya galimoto yokapereka ndi komishoni ya ogulitsa, ndiye limasiyira kampani K22,000. Apa thumba lililonse lopita ku famu lalandidwa kwa kasitomala amene anali ndi ndalama m'manja. Mtengo wotsikitsitsa wasanduka K60,000 kuwonjezerapo K22,000 imene yatayika, kukhala K82,000. Onani kuti sunafike K85,000, chifukwa pogulitsirana m'nyumba momwemo K3,000 ija situluka, ndipo famu ili ndi ufulu wofunsa kuti ichotsedwe.

Ngati fakitale ina ingapatse famu chakudya chofanana pa K80,000, famu igule kumeneko, ndipo pasakhale wonena kuti yagalukira abale ake. Kampani yapindula K2,000 pa thumba, K4 miliyoni pamwezi. Ngati wakunjayo akufuna K88,000, agulitsirane okhaokha pakati pa K82,000 ndi K88,000.

Choipa chimene chimachitika kawirikawiri nyengo ngati imeneyi ndi lamulo lochokera ku likulu lakuti famu izilandirabe pa mtengo wakale wa K60,000. Phindu la fakitale limatsika ndi K44 miliyoni, la famu limafufuma, ndipo akuluakulu amayamba kuganiza zomanga makola ena poona phindu limene silinachokere ku nkhuku. Manijala wa fakitale, amene akudzudzulidwa pa chinthu chimene sanasankhe, amabwezera mwakachetechete: oda ya famu imachedwa, imapakidwa pomalizira, mwinanso imachokera ku chimanga chimene makasitomala akanachikana. Mukaona nthambi ya m'nyumba momwemo ikudandaula za kuchedwa pamene akunja sakudandaula, yang'anani mtengo.

Miyezi yambiri fakitale sikhala yodzaza kapena yopanda ntchito, imakhala pakati. Ikamagulitsa matumba 9,000 kunja, mpata ndi wa matumba 1,000 okha. Oyambawo ndi a K60,000, enawo ndi a K82,000, ndipo pa oda yonse ya 2,000 mtengo wotsikitsitsa ndi K71,000 pa thumba.

Mfundo imeneyi si yatsopano. Katswiri wa zachuma Jack Hirshleifer anailemba mu 1956. Chovuta kwathu kuno n'kudziwa ngati mpatawo ulipodi. Pepala la makina likhoza kunena matumba 10,000, koma magetsi akamathimathima maola ogwira ntchito amachepa, ndipo matumba owonjezera akamapangidwa ndi jenereta, dizilo amakweza K60,000 ija. Nthawi zina makina ali ndi mpata koma soya wa m'nkhokwe ndi wochepa, kapena mavitamini ochokera kunja achedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Pamenepo fakitale ndi yodzaza ngakhale makina ali zii, chifukwa soya amene wapita ku famu sadzapezekanso kwa kasitomala. Muyeso ukhale wa chinthu chimene chikusowacho.

Manijala wa fakitale ali ndi dandaulo limodzi lomveka. Ngati famu izitenga pa K60,000 chaka chonse, fakitale ikugwira ntchito popanda chopeza, ndipo makina akadzatha palibe adzawagule. Njira imene ine ndimaikonda ndi yolipira pawiri. Famu, poti imasungitsa gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu za fakitale, izilipira K30 miliyoni pamwezi, kaya yatenga matumba kaya ayi, kenako K60,000 pa thumba lililonse. Ikatero, fakitale sidandaula, ndipo wa ku famu poyerekeza mitengo amaona K60,000 yeniyeni, osati K80,000 yomuthamangitsira kunja. K60,000 imeneyi ikhale yogwirizana pasadakhale ndi kuunikidwanso mitengo ya chimanga ndi soya ikasintha. Ikakhala ya zimene fakitale yawonongadi, ndiye kuti thumba lililonse lonyowa ndi chimanga chofumbwa zizilipiridwa ndi famu.

Inu amene mumaweruza mikangano imeneyi ku likulu, musayambe ndi buku la akauntanti. Itanitsani buku la maoda ndi la m'nkhokwe, mufunse kuti matumba amene famu ikufuna akanawagula ndani, ndipo pa mtengo wanji. Funso limeneli muzilifunsa miyezi itatu iliyonse, chifukwa mtengo umene munakhazikitsa makina akugona udzakutayitsani ndalama ikadzafika Novembala.