Katemera wa HPV amateteza mabuleki a m'thupi

Ine zatopetsa mphekesera zoti katemera wa HPV amachititsa atsikana kukhala osabereka. Musanafalitse bodzali pafoni, tamvani kaye zimene kachilomboka kamachita.

Selo la m'thupi siligawika mwachisawawa. Puloteni yotchedwa saikilini imayamba yagwirana ndi inzake, kayinezi, ndipo ziwirizi ndi zimene zimalola selo kukopera DNA yake kuti ligawike pawiri. Koma panjirapo pali rodibuloko. DNA ikawonongeka, puloteni ya p53 imachuluka n'kupangitsa ina, p21, yomwe imamanga saikilini ndi kayinezi zija. Selo limaima kuti likonzedwe. Zikakanika, p53 imalilamula kuti life.

Apa m'pamene HPV imachitira chiwembu. Ikakhazikika pa khomo la chiberekero, imapanga puloteni ya E6 yomwe imawonongetsa p53. Rodibuloko ija imatsala yopanda wapolisi, ndiye maselo owonongeka amangogawikabe. Khansa imatha kutenga zaka 15 mpaka 20 kuti ioneke, koma imafulumira ngati chitetezo chafooka ndi HIV.

Katemerayu sachotsa kachilombo kamene kalowa kale. N'chifukwa chake amaperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14, asanayambe zogonana. Sikuti boma likuwathamangitsira ku zachiwerewere ayi.

Malawi ili m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri. Ngati muli ndi mng'ono kapena mlongo wa msinkhu umenewu, musamubise tsiku la katemera. Ndipo amayi kunyumba muwakumbutse zokayezetsa khomo la chiberekero.