Makapu Olowa, Makapu Otuluka

Wodwala akamatsegula m'mimba, adokotala amakonda kufunsa kuti, "Wamwa madzi ochuluka bwanji, nanga wakodza kangati?" Ambiri a ife timangoyankha kuti, "Wamwako ndithu." Yankho limeneli silithandiza kusankha ngati munthuyo apitirize kumwa Thanzi kapena aikidwe diripi. Chimene chimathandiza ndi pepala lolembedwa bwino.

Tisanalembe chilichonse, tiyambe tayeza kapu ya wodwalayo. Titenge botolo la madzi la mamililita 500 n'kuthira m'kapumo. Likadzaza kapu kawiri, ndiye kuti kapuyo ndi ya mamililita 250, ndipo wodwalayo azimwera imeneyo basi. Mkodzo nawo tiziuyeza ndi chigubu chodula pakamwa, chimene taikapo zizindikiro pothiramo madzi odziwika muyezo. Tikatha kuyeza, titaye zonse m'chimbudzi n'kusamba m'manja ndi sopo.

Papepala tigawe mizere itatu: nthawi, zolowa ndi zotuluka. Zolowa ndi madzi, Thanzi, msuzi ngakhalenso phala lamadzimadzi. Zotuluka ndi mkodzo, masanzi ndi chimbudzi chamadzi. Tiziwonkhetsa kuyambira 6 koloko m'mawa kufika 6 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Pepala limanama tikalemba zimene tathira m'kapu m'malo mwa zimene zamwedwa, kapena tikadikira madzulo kuti tilembe za m'mutu. Wodwala akasiya theka, tilembe 125, osati 250, ndipo tilembe pomwepo. Zikatayikira pazofunda, tilembe nthawi yake ndiponso ngati zinali zochepa kapena zambiri.

Tiyerekeze kuti tikudwazika agogo olemera makilogalamu 50. Pa tsiku lonse amwa makapu 5 a Thanzi, makapu 2 a madzi ndi kapu imodzi ya phala, zonse pamodzi mamililita 2,000. Atsegula m'mimba kasanu, pafupifupi 300 ulendo uliwonse, zomwe zikukwana 1,500. Asanza 200 ndipo akodza 350. Zotuluka zonse ndi 2,050.

Poona manambala awiriwa tingaganize kuti zinthu zili bwino, chifukwa akusiyana ndi 50 yokha. Koma thupi limatayanso madzi kudzera m'mpweya ndi pakhungu, oposa theka la lita pa tsiku, ndipo amenewa salowa m'chigubu. Kukatentha ngati mu Okutobala, kapena thupi likatentha, amachuluka kuposa apa. Choncho agogowa atsalira ndi mamililita oposa 500, osawerengera amene anataya tisanayambe kulemba.

Mboni yosanama ndi mkodzo. Munthu wamkulu amafunika kukodza osachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola. Kwa agogowa ndi mamililita 25 pa ola, kapena 600 pa tsiku. Iwo akodza 350 yokha, kusonyeza kuti impso zikuumira madzi chifukwa m'thupi achepa. Amenewa ndi ofunika kupita nawo kuchipatala lero lomwe, pepala lili m'manja, uku akumwa Thanzi m'njira. Paketi imodzi timasungunula m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Akasanza, tidikire mphindi 10 kenako tiyambirenso kuwamwetsa pang'onopang'ono.

Pepala liziyendera limodzi ndi maso athu. Madzi akachepa, mkodzo umada ngati tiyi, lilime limauma, maso amalowa m'kati, ndipo munthu amachita chizungulire akaimirira. Kwa mwana, timatsina khungu la pamimba n'kulisiya. Likatenga masekondi oposa 2 kuti libwerere, madzi atha kwambiri. Koma kwa okalamba njirayi imasokeretsa, chifukwa khungu lawo limachedwa kubwerera ngakhale ali bwinobwino. Komanso ludzu samalimva msanga, choncho mawu oti "sindikumva ludzu" asatitonthoze. Kwa iwo tiziyang'ana lilime, mkodzo ndiponso ngati ayamba kusokoneza nkhani kapena kuwodzera mwachilendo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti tiwonkhetse m'mawa. Wodwala akatha maola 8 osakodza, akalephera kumwa, akamavuta kudzutsa, kapena chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, tinyamuke nthawi yomweyo. Chizindikiro chomalizachi ndi cha kolera, imene imatha kupha munthu m'maola ochepa, monga tinaonera m'dziko muno mu 2022 ndi 2023.

Pepala lomweli limatichenjezanso za vuto losiyana ndi limeneli. Ngati zolowa zikuposa zotuluka tsiku ndi tsiku, mkodzo uli wochepabe, mapazi akutupa ndipo wodwala akubanika akagona chagada, madzi akukhazikika m'thupi. Pamenepa kuwonjezera makapu n'kuika moyo pachiswe, chifukwa vuto likhoza kukhala la impso kapena la mtima. Wodwala matenda amenewa azimwa muyezo umene adokotala anena, ndipo ife tiziulemba pamwamba pa pepala kuti aliyense wodzatilandira kudwazika auone.