Shuga ndi Mchere Zimafanana pa Sikirini

Ndili ndi mlandu ndi inu amene mumapanga timavidiyo ta uthenga wa zaumoyo. Mumasankha nyimbo yabwino, mumapeza munthu wa mawu okoma, mumajambula bwino, ndiye pomaliza penipeni mumaponyapo timawu tiwiri pa sikirini ngati maluwa a pa tebulo la ukwati. Pamene uthenga wonse uli m'kamwa mwa wolankhula, ambiri mwa amene mukuwafuna sakumumva. Ali m'minibasi yochoka ku Bwacha kupita m'tauni, ali pamzere wa kukiliniki, ali pamaliro, kapena agona m'chipinda chimodzi ndi ana. Foni ili m'manja koma mawu ndi otseka. Ena ndi ogontha, ndipo alibe choti atsegule.

Kumbukirani Januwale wa 2024. Kolera itavuta m'dziko muno, odwala a ku Lusaka ankagonekedwa m'bwalo la masewera la Heroes, ndipo ife aphunzitsi sitinatsegule sukulu mpaka pa 12 Febuluwale. M'masabata amenewo magulu a makolo pa WhatsApp anadzaza ndi mavidiyo. Ina mwa imene inafika pa foni yanga inkaphunzitsa kupanga madzi a moyo kunyumba ngati palibe paketi ya kuchipatala. Muyezo wake ngodziwika: lita 1 ya madzi owiritsa ndi kuzizira, timasipuni ta tiyi 6 ta shuga tosalaza pamwamba, ndi theka la kasipuni ka mchere. Wolankhula ananena zonsezi molondola. Koma pa sikirini panangolembedwa mawu a Chingerezi olimbikitsa ukhondo, ndi chizindikiro cha amene analipira ntchitoyo.

Tsekani mawu, muone chimene chatsala. Dzanja likutapa ufa woyera m'mbale, likuthira m'jagi kangapo. Kenaka likutapa ufa wina woyera m'mbale ina. Shuga ndi uti, mchere ndi uti? Pa foni yaing'ono ya galasi long'aluka, zonse ndi zoyera. Mayi amene angasinthanitse ziwirizi, n'kuthira timasipuni 6 ta mchere, wapanga madzi amene angamuvulaze kwambiri mwana wofooka kale. Wopanga vidiyoyo sananame ngakhale pamodzi, koma anasiya mpata umene bodza likanalowera.

Ndiye lamulo langa loyamba ndi ili: chilichonse chimene munthu akachilakwitsa chingamupweteke, chilembedwe. Dzina la chinthu, kuchuluka kwake, ndi choyenera kuchita. Ndipo chilembedwe pa nthawi imene chinthucho chikuoneka. Mawu akuti shuga akachedwa ndi masekondi awiri n'kutulukira dzanja litagwira kale mchere, mwalemba zoona pamalo ponama.

Ena amati mankhwala ake n'kulemba zonse zimene wolankhula akunena. Ayi. Kamwa limathamanga kuposa diso, makamaka m'chinenero chathu chimene liwu limodzi limanyamula chiganizo chonse. Taonani ichi: "Sungunulani masipuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga m'lita imodzi ya madzi owiritsa." Mukawerenga zilembo ndi mipata yomwe, mupeza 86. A Netflix, polemba mawu pansi pa mafilimu awo, salola mzere kupitirira zilembo 42, ndiponso salola mizere yoposa iwiri. Chiganizo chathu chalephera kale. Ine ndikamayesa ndi ana a m'kalasi mwanga, ndimapatsa sekondi imodzi pa zilembo 12 zilizonse, ndipo pa liwiro limeneli chiganizocho chifuna masekondi 7, pamene wolankhula wapita kale pa mchere.

Palinso msampha wina umene uli wathuwathu. Ife 6 timati "asanu ndi imodzi". Mzere ukadukira pa "asanu", kapena wowerenga akaphethira, watenga 5 n'kumapita. Pa sikirini lembani 6, yaikulu, osati mawu atatu.

Vidiyo ija ndikanailemba motere. Poyamba penipeni, chala cha munthu chisanaikankhire kumwamba: "Mwana akutsegula m'mimba? Pangani madzi a moyo." Apa wadziwa ngati nkhaniyi ndi yake. Jagi ikaoneka: "Madzi owiritsa, ozizira: lita 1." Mbale yoyamba ikaoneka: "SHUGA: timasipuni 6." Yachiwiri: "MCHERE: theka la kasipuni." Mbale zenizenizo ndikanazimata mapepala a mayina, ndipo timasipuni 6 ndikanatiyala pa tebulo kuti wosadziwa kuwerenga awerenge ndi maso. Kenaka mizere itatuyo iime pamodzi masekondi osachepera 6, chifukwa apa m'pamene munthu amaimitsa vidiyo n'kujambula sikirini kuti atumizire mlongo wake. Chomaliza: "Mumwetseni pang'onopang'ono, pitani naye kuchipatala tsopano." Chizindikiro cha bungwe lanu chibwere pambuyo pake, ngati malo alipo.

Onani kuti mawu alionse otuluka pa sikirini akuima paokha. Osayamba chiganizo pa chithunzi ichi n'kukachimalizira pa china, pakuti anthu amalowa pakati ndipo amatuluka pakati. Chenjeraninso ndi kukana kwathu, kumene kumabisala m'kati mwa liwu. "Mumwe" ndi "musamwe" asiyana ndi zilembo ziwiri zokha. Ngati mukuletsa, yambani ndi "OSAMWA" m'zilembo zazikulu, kapena nenani choyenera kuchita: "Imwani madzi owiritsa okha."

Pali zina zimene wolemba amati n'za amisiri, chonsecho zimapha ntchito yake. WhatsApp imapanikiza vidiyo kuti ichepe, ndipo zilembo zowonda zokongoletsa zimasanduka utsi. Zilembo zoyera pa jagi yoyera sizioneka. Ikani kabokosi kakuda kumbuyo kwake. Pa TikTok, pansi ndi kumanja kwa sikirini kumaphimbidwa ndi mabatani ndi dzina la wotumiza, choncho mawu anu akhale chapakati. Ndipo mawu amene mwawaika padera pa Facebook kapena YouTube satsagana ndi vidiyo ikatsitsidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp. Ayenera kudindidwa pa chithunzi chenichenicho.

Ndamva wina akuti: "Si onse amawerenga, ndiye mawu apakamwa ndiwo ofunika." Ndani wati muwachotse? Wosawerenga atumikiridwe ndi liwu ndi chithunzi, wosamva atumikiridwe ndi zilembo ndi chithunzi. Njira iliyonse isenze uthenga wonse payokha. Wina akuti Kabwe ndi tauni ya zinenero zambiri, ndiye Chingerezi n'chimene chimagwirizanitsa. Zoona, kuno Chibemba chili paliponse, Chilenje ndi cha eni nthaka, Chinyanja nachonso chimamveka. Koma yankho lake si kuthawira ku chinenero chimene agogo olera adzukulu amachiwerenga movutika, kapena kuunjika zinenero zitatu pa sikirini imodzi. Mizere ija kuimasulira ndi ntchito ya masana amodzi. Tulutsani mavidiyo atatu.

Musanatumize, yesani. Safunsa anadya phula. Pezani munthu amene sanaone zimene munalemba, mum'patse foni yotsika mtengo panja padzuwa, mawu atatsekedwa, aonere kamodzi kokha. Ndiye mum'funse: uthire chiyani, chochuluka bwanji, kenaka upite kuti? Akayankha kuti "bwezerani ndionenso", mawu anu achuluka kapena athamanga. Akafunsa kuti "choyera chija chinali chiyani", vidiyoyo isatuluke m'ofesi mwanu. Mvula ikubweranso, ndipo kolera amaidziwa njira ya m'makomboni athu.