MAWU A M'BALE WANU PAFONI SI UMBONI. WERENGANI MUSANASEKE MADALA ANGA

Amwene, ndamva kuti nkhani ya madala anga yafika mpaka pa bawo ndipo ena mukuseka kuti munthu wamkulu wapusitsidwa ngati mwana. Chabwino, sekani. Koma muyambe mwamva mmene zinayendera, chifukwa ambiri a inu mukanatumiza ndalamazo mofulumira kuposa iwo.

Achimwene anga ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Lachiwiri lija, cha m'ma 2 koloko masana, foni ya madala inalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Nambala yachilendo, yoyamba ndi +27, koma chithunzi chake cha achimwene. Mawu ake a achimwene, ndi kakasasa kawo komwe. Akulira: “Ababa, andigwira, mapepala anatha. Foni yanga alanda, iyi ndabwereka. Akufuna ndalama lero lomwe, apo ayi anditumiza ku Lindela. Amayi musawauze, BP ingakwere.” Madala atati aimbe, kunabwera vidiyo. Nkhope inaoneka, mumdima, ikugwedera, masekondi osakwana khumi, n'kuduka. Kenako anaimba munthu wina, wolankhula Chichewa chosalala, akuti ndi mnzawo wa kuntchito. Anapereka nambala ya konkuno yoti ndalama zilowepo, ati ndi ya munthu amene amawasinthira kukhala marandi.

Madala anali ndi K400,000 m'nyumba, ya giyabokosi ya injini yathu, imene ndinali nditaiphwasula kale kudikira mwezi ulowe mumdima kuti tipite ku usipa. Anathamangira kwa ejenti n'kutumiza K250,000. Pasanathe mphindi makumi awiri foni inalira: wamkulu wa apolisi wakana, akufuna yowonjezera. Apo ndi pamene anabwera kugombe kudzandibwereka, manja akunjenjemera. Ine ndinapukuta girisi n'kuimba nambala yakale ya achimwene. Sanayankhe. Ndinaimbira mlamu. Mlamu akuti, “Bwanji? Apita kuntchito m'mawa, foni amaisiya mu loka.” Cha m'ma 5 achimwene anaimba okha, ali bwinobwino, akudabwa.

Tsopano inu oseka. Madala anga aja amadziwa injini ya bwato la aliyense padoko pano usiku, poimva kulira kokha. Khutu lawo silogona. Chimene sankadziwa n'chakuti masiku ano kuli mapulogalamu a pakompyuta amene ukawapatsa mawu a munthu ojambulidwa, ngakhale ochepa, amaphunzira kalankhulidwe kake, ndipo iwe umangolemba zimene ukufuna kuti “anene”. Mu 2023 a Microsoft anaonetsa pulogalamu yawo yotchedwa VALL-E yotengera mawu a munthu kuchokera pa masekondi atatu okha. Nanga achimwene, amene Loweruka lililonse amaponya mavidiyo pa Facebook akucheza za mpira? Wakuba sanavutike n'komwe. Chithunzi, mawu, dzina la mudzi, zonse tinamuyalira tokha pa thandala ngati usipa.

Mukati izi zimagwira osaphunzira okha, mu 2024 ku Hong Kong munthu wogwira ntchito za chuma pa kampani yaikulu anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni atakhala pa msonkhano wa pavidiyo ndi mabwana ake, osadziwa kuti nkhope zonse zija zinali zopanga. Ameneyo masamu amawadziwa kuposa ine ndi inu.

Amene akundikwiyitsa kwambiri ndi anyamata ozindikira aja amene akufalitsa malangizo akuti uziyang'ana milomo ngati ikugwirizana ndi mawu, uziona ngati maso akuphethira. Aise, pa netiweki iti? Kuno vidiyo yeniyeni ya mayi ako enieni imaima, milomo imatsalira, mawu amamveka ngati munthu ali m'chitini. Zizindikiro zonse za vidiyo yabodza n'zomwezo timaziona tsiku lililonse mwera ukamaomba, ndipo wakuba akudziwa zimenezi. N'chifukwa chake vidiyo imakhala yaifupi ndi yamdima, ndipo ikaduka amati ndi netiweki. Kumuuza munthu kuti atembenuze mutu kapena adutsitse dzanja pankhope nthawi zina kumaulula, nkhope imasokonekera m'mbali. Koma mapulogalamuwa akukonzedwa mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wakuti mwana wake akulira sakhala ndi mtima woyeza zimenezo. Malangizo amenewo amangokupatsa chidaliro chabodza: wayang'ana, sunaone cholakwika, watumiza.

Bodza silinali pankhope. Linali m'nkhani, ndipo pamenepo linkaonekera poyera. Nambala yatsopano, ndi chifukwa chokonzeratu chakuti yakale musaiimbe. Ndalama lero lomwe. Musauze amayi. Amayi akanamva, akanaimbira mlamu nthawi yomweyo ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Chinsinsi chija sichinali choteteza BP, chinali chotseka pakamwa. Kenako m'bale wako amachoka pafoni msanga n'kubwera mlendo, chifukwa kucheza nthawi yaitali ndi mawu opanga, makamaka m'Chichewa cha kwathu kuno chosakaniza ndi Chiyao, kumagwiritsa. Ndipo funso limene palibe anafunsa: munthu wagwidwa ku Joni, ndalama ikulowa bwanji pa nambala ya ku Malawi ya dzina losadziwika? Ejenti asanatsirize, dzina la wolandira limaoneka pafoni. Madala analiona, koma mantha anali atawerenga kale m'malo mwawo.

Ine injini ikamalira molakwika ndimakhala ndi ganizo, koma sindigula sipeya ndisanamasule pulagi n'kuona ndi maso. Pakhomo pathu tagwirizana chimodzimodzi. Wina akapempha ndalama mwadzidzidzi, timadula foni, ngakhale akulira, n'kuimba tokha nambala imene tinasunga kale. Tiziimba ndi mayunitsi, osati pa WhatsApp pokha, chifukwa WhatsApp imabedwa: munthu akakunyengerera kuti umuuze manambala sikisi amene amabwera pa SMS, akaunti yako yapita, ndipo azilembera abale ako ndi nambala yako yeniyeni. Tsekani khomo limenelo pa Settings, Account, Two-step verification. Nambala yakale ikapanda kuyankhidwa, timaimbira wina amene amakhala naye pafupi. Tilinso ndi funso lathu la pabanja limene yankho lake silili pa Facebook. Osati dzina la agogo, limenelo linalembedwa pa uthenga wa maliro. Lathu ndi la chimene chinachitikira ngalawa yoyamba ya madala, ndipo sitinalilembe paliponse, tinauzana pakamwa.

Ndikudziwa ena muti ndi nkhanza kufunsa mafunso m'bale wako ali pamoto. Amalume anandiuza zomwezo. Koma ngati wagwidwadi, mphindi khumi zoimbira mlamu sizisintha kanthu, ndipo yankho la funso lija alinena mosaganiza. Amene amapsa mtima ukati “dikira ndikuimbire” ndi amene akuopa kuti upeza mwini mawu.

Nanunso a ku Joni muli ndi mlandu. Mumasintha nambala ngati malaya, osanena, kenako mumatulukira ndi uthenga wakuti “ndi ine, sevani iyi.” Mwatizoloweza nokha kukhulupirira nambala zachilendo. Mukasintha, tiuzeni pa nambala yakale isanafe, ndipo mutipatse ya munthu mmodzi amene mumagona naye nyumba imodzi.

Tinakanena kupolisi, tinaimbiranso a kampani ya foni madzulo omwewo, koma ndalama inali itatapidwa kale. Zikakuchitikirani imbani nthawi yomweyo, muli ndi uthenga wa umboni wotumizira uja m'manja, osadikira kuti manyazi athe. Madala sanapite pa bawo sabata yonse chifukwa cha kuseka kwanu, ndipo ndi anthu awiri kale amene andinong'oneza kuti zinawachitikiranso koma anangokhala chete. Giyabokosi ikadali pa lona mu shedi mwanga, mdima uno watidutsa. Tumizani uthengawu ku magulu a pabanja, ndipo amene ali ndi makolo osawerenga awawerengere mokweza.