Chenjezo kwa Ogwira Ntchito M'maesiteti a Tiyi ku Thyolo: Kiliniki ya Kampani Imathera Pomwe Ntchito Yathera

Inu amene mukuthyola tiyi, kufotetsa masamba mufakitale, kulondera, kuyendetsa thirakitala kapena kulemba mabuku ku Satemwa, Conforzi, Makandi, Naming'omba, Makwasa ndi m'maesiteti ena a m'boma la Thyolo, makamaka ngati mwapyola zaka 45, tamverani. Tsiku limene dzina lanu lidzachoke m'buku la malipiro, zinthu zitatu zikhoza kuchokera limodzi: malipiro, nyumba ya kampani, ndi mwayi wolandira chithandizo ku kiliniki ya pa esiteti. Matenda okha ndi amene sadzachoka. Malamulo amasiyana esiteti ndi esiteti, ndipo ena mwina amalandirabe opuma kapena anthu a m'midzi yozungulira, koma musaganizire. Pitani ku ofesi mukafunse, kapena mufunse kudzera kwa nthumwi ya bungwe lanu la PAWUM: ndikapuma, ine ndi mkazi wanga tidzalandirabe mankhwala pano? Kufikira liti? Yankholo likhale lolembedwa.

Vuto lalikulu lili pa matenda osachiritsika koma ogonja ku mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Bipi sipweteka. Munthu amene wakhala akutenga mapilitsi ake pa kiliniki ya pa esiteti, pamtunda woyenda pansi, akapuma n'kubwerera kumudzi amatha mwezi woyamba ndi mankhwala amene anatsala. Mwezi wachiwiri mankhwala atha, thupi lili bwinobwino, ndiye amati ndachira. Sanachire. Magazi ayambanso kukankha mitsempha mwakachetechete, ndipo chotsatira chake chimatha kukhala kufa ziwalo, kutupa mtima kapena kuwonongeka kwa impso. Ndi mmenenso zilili ndi shuga: kusiya mankhwala kumabweretsa zilonda zakumapazi zosapola ndi khungu.

Choncho musamukire ku chipatala cha boma mukadali pa ntchito, miyezi isanu ndi umodzi tsiku lopuma lisanafike. Pemphani achipatala a pa esiteti kuti alembe bwino m'buku lanu lakuchipatala dzina la matenda, dzina la mankhwala aliwonse, mlingo wake ndi zotsatira za kuyeza kwa posachedwa. Bukulo ndi lanu, lisatsale mu kabati ya kiliniki. Pemphaninso kalata yokutumizani, mupite nayo ku chipatala chachikulu cha Thyolo kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi ndi kumene mukakhale, akakulembeni ku kiliniki ya matenda a bipi ndi shuga, mudziwe tsiku lake. Mukatero mukadali pa malipiro, mudzaona ndi maso anu kuti ulendowo umadya ndalama zingati, ndiponso mankhwala anu amapezeka kapena ayi. Amene mukumwa ma ARV, musachoke opanda kalata yosamutsira ndi mankhwala okufikitsani tsiku lokaonekera kumalo atsopano. Mankhwalawa ndi aulere, ndipo Thyolo ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kuwapereka msanga, mu 2003 mothandizidwa ndi a MSF. Ambiri amene anayamba kumwa nthawi imeneyo lero ndi okalamba. Kudumphitsa chifukwa cha kusamuka n'kutaya zimene mwasunga zaka zonsezi.

Ena akuti: za boma n'zaulere, tidandaulirenji? N'zoona kuti ku chipatala cha boma simulipira kuonana ndi dokotala kapena kugonekedwa. Koma ndalama zimatuluka panjira zina. Pali ya kabaza kuchokera kumudzi kufika pamsewu, ya minibasi kupita kuboma, ndipo akakutumizani ku Gulupu ku Blantyre, ulendowo ndi wa anthu awiri chifukwa wodwala sayenda yekha. Pali masiku amene kuzenera la mankhwala adzakuuzani kuti atha, kagulani kufamase. Pali chakudya cha wodikirira wodwala, nkhuni ndi sopo. Chipatala cha Malamulo ku Makwasa, chimene ambiri a kumeneko amachidalira, ndi cha mpingo wa Seventh-day Adventist ndipo ndi cholipira. Mapangano a pakati pa boma ndi zipatala za mishoni, amene amachititsa kuti chithandizo china chikhale chaulere, kawirikawiri amakhudza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, osati gogo wa bipi.

Tsopano za penshoni, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro anu ku thumba la penshoni, inu n'kuwonjezera 5 peresenti. Lamulo latsopano la 2023 limalola wopuma kutenga mpaka theka la ndalamazo nthawi imodzi, zotsalazo azilandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo ngati zonse zili zochepa kwambiri, akhoza kupatsidwa zonse kamodzi. Musadikire tsiku lopuma kuti mudziwe kuti muli ndi zingati. Funsani sitetimenti yanu chaka chilichonse, muyerekeze ndi zimene zimadulidwa pa pesilipi. Zikasiyana, funsani ku ofesi, ndipo zikakanika, nkhani za penshoni zimayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve. Onaninso ngati mayina a amene munawalemba kuti adzalandire mukadzamwalira ali olondola. Inu amene mumalembedwa nyengo ya dzinja yokha, pamene tiyi wachuluka, n'kuimitsidwa chilimwe, funsani msanga ngati muli m'thumba la penshoni n'komwe. Ambiri a inu mumangolandira ndalama ya kumapeto kwa kontirakiti, ndipo ikadyedwa chaka chomwecho, ukalamba umakupezani opanda kalikonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekezera, inu muikepo anu enieni. Titenge kapitawo wa zaka 60 amene m'thumba lake muli K3,000,000. Watenga theka, K1,500,000. Iye ali ndi bipi, mkazi wake ali ndi shuga. Tinene kuti ulendo wa kuchipatala wa anthu awiri umadya K12,000 pa mwezi, ndipo mankhwala ogula pamene kuboma atha amadya K8,000. Pamodzi ndi K20,000 pa mwezi, K240,000 pa chaka. K1,500,000 yonse ija, ngakhale asagulepo thumba la chimanga ngakhale limodzi, ingathe patatha zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi itatu. Koma bamboyu akuchoka m'nyumba ya kampani, ayenera kumanga. Malata, simenti ndi mmisiri zadya K1,000,000. Zotsala K500,000 zikwana zaka ziwiri zokha za kuchipatala, ndipo apo mitengo isanasinthe. Mitengo imasintha: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mankhwala a m'mafamase, poti ambiri amachokera kunja, amakwera motsatira.

Chimene ndikupempha apa n'chakuti nyumba isadikire penshoni. Pezani malo ndi kuyamba kuumba njerwa mukadali pa ntchito, ngakhale chipinda chimodzi pa chaka. Ku Thyolo malo ndi osowa, moti pakati pa 2004 ndi 2011 ndondomeko ya Kudzigulira Malo inasamutsira mabanja ambiri a kuno ndi ku Mulanje ku Machinga ndi Mangochi. Bambo amene wakhala m'nyumba za kampani zaka makumi atatu angapeze kuti kwawo munda anagawana kalekale, ndipo kuchikamwini ali mlendo ngati mkazi atatsogola. Nkhani imeneyi ikambidwe ndi ankhoswe ndi amfumu onse akadali moyo. Ndalama ya penshoni ikabwera, patulani yachipatala tsiku lomwelo, muiike ku akaunti yakeyake kubanki kapena ku SACCO. Isakhale m'nyumba, pamene aliyense wobwera ndi vuto adzaipeza, ndipo musaiike yonse ku banki m'khonde, chifukwa kumeneko ndalama imakhala ili m'manja mwa obwereka pa tsiku limene inu mukuifuna usiku.

Makalaliki ndi mamanijala amene muli pa sikimu ya MASM kapena ina yolipiridwa ndi kampani, nanunso musadzione otetezeka. Kampani ikasiya kulipira, khadi limasiya kugwira ntchito. Funsani musanapume ngati mungapitirize panokha popanda kudukiza, komanso kuti muzilipira zingati pa mwezi. Mukalola kuti umembala uthe n'kudzafuna kulowanso, mukhoza kukumana ndi malire a zaka kapena miyezi yodikira musanayambe kuthandizidwa pa matenda amene muli nawo kale. Ngati penshoni singakwanitse sikimu yapamwamba, kutsikira ku yotsika mtengo kuli bwino kusiyana ndi kutuluka.

Ngati munavulala pa ntchito, kapena muli ndi vuto la msana, chifuwa kapena khungu limene mukuganiza kuti linadza ndi dengu, fumbi la mufakitale kapena mankhwala opopera, kanenani tsopano ndipo zilembedwe. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito la 2000 lili ndi malire a nthawi, ndipo nkhani zake zimadzera ku ofesi ya leba. Mukapita mutapuma kale, opanda kalata ya dokotala, umboni umavuta.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha munthu amene wagona osadzukanso. Wofa ziwalo akatulutsidwa m'chipatala amafuna womutembenuza pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda zakumsana, womusambitsa, womudyetsa atamukhazika tsonga kuti asatsamwe, ndi womuongola manja ndi miyendo tsiku ndi tsiku kuti zisaume. Izi zimatha miyezi kapena zaka. Nyumba zosungira okalamba kumidzi kwathu n'zosowa, ndipo Mtukula Pakhomo amafikira mabanja ochepa okha, osaukitsitsa, choncho musawerengere kuti mudzalowamo. Ntchitoyi imagwera mkazi wokalamba amene naye akudwala, kapena mwana wamkazi amene amasiya ntchito yake yothyola tiyi, kapenanso mdzukulu amene amasiyira sukulu panjira. Mwana wamkaziyo akasiya ntchito, banja lataya malipiro awiri.

Itanani ana anu, a ku Blantyre ndi a ku Joni omwe, mukadali ndi mphamvu ndi nzeru zanu. Mugwirizane poyera kuti ndani adzakhale nanu, ndani azidzatumiza ndalama zingati pa mwezi, ndipo wosamalirayo azidzathandizidwa bwanji, chifukwa nayenso ayenera kudya ndi kupuma. Munthu mmodzi wodalirika adziwe pamene pali buku lakuchipatala, chiphaso cha unzika ndi mapepala a penshoni. Pomanga nyumba ija, chimbudzi chikhale pafupi, khomo likhale lotakata lolowa njinga ya olumala, ndipo masitepe achepe, poti dera lathu ndi lamapiri.

Ndipo aliyense pakhomopo adziwe zizindikiro izi: kamwa kupotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kusamveka. Zikaoneka, musadikire kuti kuche ndipo musayambe mwafufuza amene wachita. Tengani ndalama yachipatala ija, pezani galimoto, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi buku lake ndi mankhwala onse amene amamwa.